Kugawa netiweki ya kalasi C pa mayeso: pezani nambala yodumphira, zina zonse zitsatira

Funso lake limabwera pafupifupi pa mayeso aliwonse a za manetiweki a kompyuta, kaya ku koleji kuno kwathu kaya pa mayeso a satifiketi za kunja monga CCNA ndi Network+. Limati: sukulu ina yapatsidwa netiweki ya 192.168.10.0/24. Ili ndi madipatimenti 6, ndipo dipatimenti iliyonse ikufuna malo a makompyuta osachepera 25. Gawani netiwekiyi m'masabuneti ofanana, mutchule masiki yake, adiresi yoyamba ndi yomaliza ya sabuneti iliyonse, ndiponso kuchuluka kwa zipangizo zimene zingalowe m'menemo.

Ophunzira ambiri akangoona funso lotere mtima umagunda. Ena amayamba kusandutsa nambala zonse zinayi kukhala ma 0 ndi ma 1, n'kudzaza tsamba lonse, ndipo nthawi imawathera asanafike pa sabuneti yachitatu. Ena amakumbukira tebulo limene analoweza usiku, koma mzere umodzi ukasokonekera m'mutu zonse zimagwa. Komatu funsoli silifuna masamu oposa a ku pulayimale. Pali nambala imodzi yokha yofunika kuisaka, ndipo ikapezeka, zotsalazo ndi kuphatikiza basi.

Choyamba nchoti munthu adziwe chimene akugawacho. Adiresi ya IPv4, ngati 192.168.10.0, ndi nambala zinayi zolekanitsidwa ndi madontho. Mkati mwa kompyuta nambala iliyonse imasungidwa m'mabiti 8, ndipo biti ndi kamalo kamene kamakhala 0 kapena 1. Mabiti 8 angasanjike m'njira 256, choncho nambala iliyonse imayambira pa 0 n'kulekezera pa 255. Adiresi yonse ili ndi mabiti 32. Mbali yakumanzere ya mabitiwa imanena netiweki, mbali yakumanja imanena chipangizo chimodzi mu netiwekiyo, kaya ndi kompyuta, foni kapena pulinta.

M'chaka cha 1981, chikalata cha RFC 791 chinagawa maadiresi m'makalasi. Adiresi yoyamba ndi nambala ya pakati pa 192 ndi 223 inali ya kalasi C: nambala zitatu zoyamba, kapena kuti mabiti 24, n'za netiweki, ndipo nambala yachinayi yokha ndiyo ya zipangizo. Ndicho chifukwa chake funso lija lalemba /24. Njira ina yonenera zomwezo ndi masiki, 255.255.255.0, imene imangosonyeza kuti zigawo zitatu zoyamba n'zokhoma ndipo chomaliza n'chotsegula. Kachitidwe ka makalasi kanasiyidwa pa Intaneti m'chaka cha 1993 pamene kunabwera njira ya CIDR, koma dzina lakuti kalasi C linakanirira m'mabuku, m'mapepala a mayeso ndi pakamwa pa amisiri. Aliyense amene analumikizapo foni ku karauta ka m'nyumba kapena ka m'thumba anakhalapo mu netiweki yotere, poti timarauta tambiri timapereka maadiresi oyamba ndi 192.168, amene RFC 1918 inawapatula m'chaka cha 1996 kuti azigwira ntchito m'kati mwa nyumba ndi maofesi.

Nkhani yabwino kwa wolemba mayeso ili pamenepa. Pa funso la kalasi C, 192.168.10 sasintha ngakhale pang'ono. Ntchito yonse imachitika pa nambala yachinayi, pa maadiresi 256 ochokera pa 0 kufika pa 255. Amene akusandutsa 192 ndi 168 kukhala mabiti akungotaya mphindi.

Tsono maadiresi 256 amenewa sagawika m'zigawo 6 zofanana, ndipo apa mpamene ambiri amapunthwa koyamba. Wophunzira wachangu amagawa 256 ndi 6, n'kupeza 42 ndi zotsala, n'kuyamba kulemba masabuneti a maadiresi 42. Sabuneti yotero kulibe. Kugawa netiweki kuli ngati kupinda chitenje pakati: mukapinda kamodzi mupeza zigawo 2, kawiri zigawo 4, katatu zigawo 8, ndipo palibe kapindidwe ka pakati kamene kangapereke 6. Kupinda kulikonse ndiko kubwereka biti imodzi ku mbali ya zipangizo n'kuipereka ku mbali ya netiweki. Biti imodzi yobwerekedwa imachulukitsa masabuneti kawiri, ndipo nthawi yomweyo imadula pakati kukula kwa sabuneti iliyonse.

Choncho funso loyamba lodzifunsa ndi lakuti: ndibwereke mabiti angati kuti ndifike pa 6 kapena kupitirira? Munthu amawerenga pa zala: 2, 4, 8. Chala choyamba 2, sizikwana. Chachiwiri 4, sizikwanabe. Chachitatu 8, zakwana. Mabiti obwereka ndi 3, masabuneti ndi 8, ndipo awiri adzatsala opanda mwini kudikira madipatimenti am'tsogolo. Mabuku amalemba lamuloli motere:

```
2^n >= 6
n = 3
24 + 3 = /27
```

Kuchokera pa /24 tafika pa /27. Pa mabiti 8 a nambala yomaliza, 3 apita ku netiweki ndipo 5 atsalira zipangizo.

Masiki yatsopano imachokera pa mtengo wa mabiti obwerekedwawo. Malo 8 a m'nambala yomaliza ali ndi mitengo yake kuyambira kumanzere: 128, 64, 32, 16, 8, 4, 2, 1. Kubwereka kumayambira kumanzere nthawi zonse, popanda kudumpha malo. Tabwereka atatu, ndiye tiphatikiza 128, 64 ndi 32, n'kupeza 224. Masiki ndi 255.255.255.224. Mzere wa nambala zisanu ndi zitatu umenewu ndi wokhawo woyenera kuuloweza, ndipo suvuta, poti umangoyambira pa 1 n'kumachulukitsa kawiri.

Tsopano nambala ija yofunika. Mtengo wa biti yomaliza kubwerekedwa ndi 32. Mukachotsa 224 pa 256 mupezanso 32. Mukachulukitsa 2 kasanu, chifukwa cha mabiti 5 otsala, yankho ndi 32 yemweyo. Njira zitatu zafika pakhomo limodzi, ndipo wolemba mayeso wochenjera amagwiritsa ntchito ziwiri mwa izo kuti atsimikize asanapitirire. Nambala imeneyi ndiyo kukula kwa sabuneti iliyonse, ndiponso ndiyo yodumphira: sabuneti yoyamba iyambira pa 0, yotsatira pa 32, kenako 64, 96, 128, 160, 192 ndi 224. Mukadumphanso kamodzi mufika pa 256, kusonyeza kuti malo atha. Ngati kudumphako sikunathere ndendende pa 256, penapake pali kuphatikiza kolakwika.

Sabuneti iliyonse ili ndi maadiresi awiri amene sapatsidwa chipangizo. Yoyamba, imene mabiti ake onse a zipangizo ndi 0, ndi dzina la sabunetiyo, ndipo rauta imailemba m'tebulo lake la njira. Yomaliza, imene mabiti ake onse a zipangizo ndi 1, ndi ya burodikasiti: uthenga wotumizidwa kumeneko umapita kwa aliyense wa m'sabunetimo. Pa 32 tikachotsa 2 patsala 30. Funso linafuna 25, ndiye 30 zakwana. Mphindi yoyang'ana kumbuyoyi isadumphidwe, chifukwa olemba mafunso amaika dala zofunika ziwiri kuti aone amene wakwaniritsa chimodzi n'kuiwala chinzake.

Pali kalembedwe kamene kamapulumutsa nthawi. M'malo momaliza sabuneti imodzi kenako n'kuyamba ina, ndi bwino kulemba kaye mzere wotsika wa maadiresi onse a netiweki: 0, 32, 64 mpaka 224. Kenako mzere wa burodikasiti, pochotsa 1 pa adiresi ya sabuneti yotsatira: pambuyo pa 0 pakubwera 32, ndiye burodikasiti ndi 31; pambuyo pa 32 pakubwera 64, ndiye 63. Ya sabuneti yomaliza ndi 255 nthawi zonse. Mipanda iwiriyi ikaima, zapakati zimadziwika zokha: kuwonjezera 1 kumanzere, kuchotsa 1 kumanja.

```
192.168.10.x /27   255.255.255.224
  0     1 - 30     31
 32    33 - 62     63
 64    65 - 94     95
 96    97 - 126   127
128   129 - 158   159
160   161 - 190   191
192   193 - 222   223
224   225 - 254   255
```

Kumanzere kuli adiresi ya sabuneti, pakati pali maadiresi opatsa zipangizo, kumanja kuli burodikasiti. Tebuloli lili ndi zizindikiro zodzichongera lokha. Nambala zonse za kumanzere zimagawika ndi 32 popanda chotsala. Za kumanja zonse sizigawika ndi 2. Wina akapeza burodikasiti ya 94 kapena 160, adziwiretu kuti waphonya, ngakhale asanaone pamene waphonyera. Cholakwa chofala kwambiri ndi kuphatikiza 32 pa adiresi ya sabuneti n'kunena kuti yankholo ndi burodikasiti, mwachitsanzo kulemba kuti sabuneti ya 64 imathera pa 96. Ayi, 96 ndi khomo la anzawo. Popeza kuwerenga kumayambira pa 0, maadiresi 32 oyambira pa 64 amathera pa 95.

Kugawaku kuli ndi mtengo wake, ndipo nthawi zina funso limaufunsa. Netiweki isanagawidwe inali ndi malo a zipangizo 254. Itagawidwa pa 8, sabuneti iliyonse yataya maadiresi awiri, ndiye malo onse ndi 240. Sukulu ija yalolera kutaya malo 14 kuti ipindule china: mauthenga a burodikasiti a m'labu ya ophunzira sakufikanso ku ofesi ya zachuma, ndipo pa rauta pangaikidwe lamulo loletsa makompyuta a ophunzira kufika kumene kumasungidwa zotsatira za mayeso.

Funso lomwelo limabweranso litatembenuzidwa. Nthawi ino satchula kuchuluka kwa masabuneti. Amangoti sabuneti iliyonse ikhale ndi zipangizo 50, ndipo masabuneti akhale ochuluka momwe kungathekere. Apa kuwerenga kumayambira kumanja, ku mabiti otsala. Munthu amasaka nambala yodumphira yaing'ono kwambiri imene, atachotsapo 2, ikwanabe 50. Pa 32 pakutsala 30, sizikwana. Pa 64 pakutsala 62, zakwana. Nambala yodumphira ndi 64. Masiki ndi 256 kuchotsa 64, ndiye 255.255.255.192. Masabuneti ndi 256 kugawa ndi 64, ndiye 4, oyambira pa 0, 64, 128 ndi 192. Mabiti obwerekedwa ndi awiri, choncho ndi /26. Taonani kuti njira yasintha koma chosakidwa n'chomwecho.

Misampha ya mtundu uwu wa funso imatcheredwa m'malire. Zipangizo 30 zimakwana pa /27, koma 31 ndi 32 sizikwana, zimafuna /26. Wophunzira amene waona 32 m'funso n'kusangalala kuti yafanana ndi nambala yodumphira wagwa mumsampha, chifukwa waiwala maadiresi awiri aja. Msampha wina ndi rauta. Sabuneti iliyonse imene ikufuna kulankhula ndi zakunja iyenera kupereka adiresi imodzi ku doko la rauta, imene makompyuta amaidziwa ngati geti lawo lotulukira. Funso likati labu ili ndi makompyuta 14 ndipo chithunzi chikusonyeza rauta, maadiresi ofunika ndi 15, osati 14. Sabuneti ya /28 ili ndi malo 14 okha, ndiye yachepa ndi malo amodzi, ndipo yankho lolondola ndi /27. Pamene funso langoti zipangizo 14 popanda kutchula rauta, olemba mayeso ambiri amayembekezera /28. Apa kuwerenga funso kawiri n'kofunika kuposa masamu.

Pali mafunso enanso amene yankho lake loona ndi lakuti sizingatheke. Tinene kuti afuna masabuneti 5 ofanana, iliyonse ya zipangizo 40, mu kalasi C imodzi. Masabuneti 5 amafuna mabiti 3, zimene zimasiya malo 30 okha. Zipangizo 40 zimafuna kudumpha ndi 64, zimene zimapereka masabuneti 4 okha. Zofunika ziwirizi sizingakumane, ngakhale kuti 5 kuchulukitsa ndi 40 ndi 200 basi, nambala yooneka ngati ingakwane mu 256. Chizindikiro chake n'chosavuta: mabiti obwerekedwa ndi mabiti a zipangizo akaphatikizidwa asapose 8. Apa 3 ndi 6 zapanga 9. Wophunzira alembe zimenezo mosaopa, n'kunena kuti pakufunika netiweki yokulirapo monga /23. Kukanakhala kuti madipatimentiwo ndi osiyana kukula, njira ya VLSM yogawa zigawo zosafanana ikanathandiza, koma imeneyo ndi nkhani ina, ndipo imamangidwa pa luso lomweli la kudumpha.

Mtundu wachitatu ndi umene umachuluka kwambiri pa mayeso osankha yankho, ndipo ndi umenenso mmisiri amakumana nawo ku ntchito tsiku ndi tsiku. Amapereka adiresi imodzi, monga 192.168.10.150/27, n'kufunsa kuti ili mu sabuneti iti. Palibe chifukwa cholembera tebulo lonse. Kuchokera pa 24 kufika pa 27 ndi mabiti 3, biti yachitatu mtengo wake ndi 32, ndiye tidumpha ndi 32 mpaka titaipitirira 150: 96, 128, 160. Taipitirira pa 160, ndiye tibwerera sitepe imodzi. Sabuneti ndi 192.168.10.128, burodikasiti ndi 192.168.10.159, ndipo 150 ndi adiresi yabwinobwino ya chipangizo chifukwa ili pakati.

Ndi bwino kuona kamodzi kokha zimene zikuchitika pansi pa njira yachiduleyi, kuti munthu asamaione ngati matsenga. Kompyuta siidumpha. Imaika adiresi pamwamba ndi masiki pansi, n'kusunga mabiti okhawo a adiresi amene ali pamwamba pa 1 wa masiki:

```
150 = 10010110
224 = 11100000
AND = 10000000 = 128
```

Mabiti atatu akumanzere, 100, apulumuka; asanu akumanja afufutidwa. Chotsala ndi 128. Asanu ofufutidwawo, 10110, ndi 22, ndipo zoonadi 150 ndi 128 kuphatikiza 22. Kudumpha ndi 32 kumagwira ntchito chifukwa nambala iliyonse imene mabiti ake asanu akumanja ndi 0 imagawika ndi 32. Amene wamvetsa zimenezi sangaiwalenso njirayo, ndipo funso likamufuna kuti asonyeze masamu ake m'mabiti, amalemba mizere itatu yokha, ya nambala yomaliza yokha.

Nambala yodumphira ikakhala yaing'ono, kudumpha kuchokera pa 0 kumatalika, ndipo kugawa kumafulumira kuposa. Titenge 192.168.10.203/29. Mabiti obwerekedwa ndi 5: 128, 64, 32, 16, 8. Yodumphira ndi 8. Pa 203 kugawa ndi 8 tipeza 25 ndi zotsala 3. Tichotse zotsalazo, ndipo sabuneti ndi 200; yotsatira ndi 208, ndiye burodikasiti ndi 207, ndipo zipangizo zili pa 201 mpaka 206. Zotsala zimanenanso zambiri. Zikakhala 0, adiresiyo ndi ya sabuneti. Zikakhala zochepera ndi 1 pa yodumphira, monga 7 pa chitsanzo ichi, ndi burodikasiti. Mafunso akuti ndi adiresi iti mwa izi imene ingapatsidwe kompyuta amayankhidwa ndi zotsala zokhazi.

Pali nkhani ya mbiri imene imasokoneza ophunzira mpaka lero, makamaka amene akuwerenga mabuku akale a m'laibulale kapena manotsi ofotokopedwa kuchokera kwa anzawo a zaka zam'mbuyo. Chikalata cha RFC 950, chimene chinakhazikitsa kugawa masabuneti m'chaka cha 1985, chinalangiza kuti sabuneti yoyamba ndi yomaliza zisagwiritsidwe ntchito. Chifukwa chake chinali chomveka pa nthawiyo. Sabuneti yoyamba, 192.168.10.0/27, ili ndi adiresi yofanana ndi ya netiweki yonse, ndipo yomaliza ili ndi burodikasiti yofanana ndi ya netiweki yonse, 255. Marauta akale pouzana njira sankatumizirana masiki, choncho sankatha kusiyanitsa ziwirizi. Motero mabuku akale amachotsa 2 pa masabuneti, monga momwe amachotsera pa zipangizo, n'kunena kuti mabiti 3 amapereka masabuneti 6.

Lamulo limenelo linatha ntchito kalekale. Pofika 1995, RFC 1878 inali itanena kale kuti kuchotsa masabuneti awiriwo n'kwachikale, ndipo marauta a Cisco kuyambira pa IOS 12.0 amalola sabuneti yoyamba popanda kuuzidwa. Mayeso a masiku ano amawerenga masabuneti onse. Pa funso lathu la madipatimenti 6, malamulo onse awiri amafika pa mabiti 3, koma amasiyana pa sabuneti yoyamba: latsopano likuti 0, lakale likuti 32. Funso likanafuna masabuneti 4, kusiyanako kukanakula, poti lamulo latsopano limabwereka mabiti 2 pamene lakale limabwereka 3. Chizindikiro choti funso likufuna zakale ndi pamene latchula lamulo la pa rauta lakuti `no ip subnet-zero`, limene limaletsa sabuneti yoyamba. Ngati mphunzitsi wa kosi akuphunzitsabe kachitidwe kakale, wophunzira afunse msanga mayeso asanafike, ndipo pa pepala alembe mzere umodzi wonena lamulo limene watsata. Wochonga wachilungamo amaona mzere wotero. Chimodzimodzi pamene funso lati sabuneti yachitatu: kuyambira pa 0, yachitatu ndi 64, koma mabuku amene amatcha yoyamba kuti sabuneti 0 amatcha 96 kuti sabuneti 3. Kulemba tebulo lonse kumamuteteza munthu ku mkangano umenewu.

Masamu onsewa amaonekera poyera akafika pa zipangizo zenizeni, ndipo wophunzira amene ali ndi pulogalamu yoyeserera ya Packet Tracer angadzionere yekha. Kupatsa doko la rauta adiresi yoyamba ya sabuneti yachiwiri kumalembedwa chonchi:

```
interface GigabitEthernet0/1
 ip address 192.168.10.33 255.255.255.224
 no shutdown
```

Munthu akalakwitsa n'kulemba 32 m'malo mwa 33, rauta ya Cisco imakana, n'kuyankha kuti `Bad mask /27 for address 192.168.10.32`. Uthengawu umanena za masiki, ndiye ambiri amathamangira kusintha masiki, pamene vuto ndi lakuti apereka adiresi ya sabuneti ku chipangizo. Akapatsa madoko awiri maadiresi a m'sabuneti imodzi, monga 33 ndi 50, rauta imakananso, ndipo mu uthenga wake mumaoneka mawu akuti `overlaps with`.

Cholakwa chovuta kuchigwira ndi chimene chili pa kompyuta. Tiyerekeze kuti kompyuta ya mu ofesi ya zachuma yapatsidwa 192.168.10.70, masiki 255.255.255.224, koma geti lotulukira lalembedwa 192.168.10.33. Kompyutayi isindikiza bwinobwino pa pulinta ya mu ofesimo, ilankhula ndi makompyuta oyandikana nayo, koma Intaneti ayi. Wogwira ntchito adandaula kuti netiweki yavuta, ndipo ena ayamba kukoka mawaya. Mmisiri wodziwa kudumpha alemba `ipconfig`, aona nambala zitatuzo, n'kuwerengera mumtima: 70 ili mu sabuneti ya 64, 33 ili mu ya 32. Geti lili kuseri kwa mpanda. Lolondola liyenera kukhala pakati pa 65 ndi 94, ndipo mwachizolowezi ndi 65. Funso lofanana ndendende ndi limeneli, la chithunzi cha kompyuta imene ikulephera kutuluka, limapezeka kawirikawiri pa mayeso, ndipo mwa mafunso onse a masabuneti ndilo loyenera kwambiri kufunsidwa, chifukwa ndilo limafanana ndi ntchito yeniyeni.

Kumapeto kwa kubwereka kuli malire. Mu kalasi C, mayeso ambiri amalekezera pa mabiti 6, pa /30: yodumphira 4, masiki 255.255.255.252, masabuneti 64, iliyonse ya zipangizo 2. Imeneyi ndi yolumikizira marauta awiri, adiresi imodzi uku ina uko. Pa /31 lamulo lochotsa 2 silisiya kanthu, ngakhale kuti RFC 3021 ya m'chaka cha 2000 inalola /31 pa mzere wolumikiza marauta awiri okha. Pokhapokha funso litatchula zimenezo, yankho loyembekezeredwa pa mzere wotero ndi /30.

Za liwiro nazo n'zofunika. Mayeso a CCNA 200-301 amatenga mphindi 120, salola kakyuleta, ndipo munthu akadutsa funso sangabwererenso. Ku malo olembera amapereka kabolodi kofufutika ndi cholembera. Mayeso akangoyamba, ndi nzeru kulemba mizere itatu pamwamba pa kabolodiko kapena pa pepala lokandapo:

```
/25  /26  /27  /28  /29  /30
128   64   32   16    8    4
128  192  224  240  248  252
```

Mzere wapakati ndi nambala yodumphira, wapansi ndi mapeto a masiki. Palibe choloweza chachilendo apa: wapakati ukungodulidwa pakati, wapansi ukungophatikiza zapakatizo kuchokera kumanzere. Nambala yapakati ndi yapansi pake zikaphatikizidwa zimapanga 256 paliponse, ndipo imeneyo ndi njira yotsimikizira kuti mizereyo yalembedwa bwino. Masiki yothera ndi nambala imene ilibe pa mzere wapansiwu, monga 220 kapena 230, ikaoneka pa mayankho osankha, ifufutidwe nthawi yomweyo.

Tsono wowerenga atenge pensulo ayese ili asanayang'ane mayankho. Gawani 192.168.50.0/24 m'masabuneti ofanana osachepera 12, kenako munene kumene kuli adiresi ya 192.168.50.100. Pa zala ndi 2, 4, 8, 16: mabiti 4, ndiye /28. Yodumphira ndi 16, masiki ndi 255.255.255.240, masabuneti ndi 16, ndipo iliyonse ili ndi malo a zipangizo 14. Pa 100 kugawa ndi 16 patsala 4, choncho adiresiyo ili mu sabuneti ya 192.168.50.96, imene zipangizo zake zili pa 97 mpaka 110 ndipo burodikasiti yake ndi 111. Ngati mwapeza 112 ngati burodikasiti, bwererani pa tebulo la /27 lija muonenso pamene sabuneti imathera, kenako musinthe 12 akhale 20 n'kuyambiranso.